Mmene kompyuta imatulutsira nyanja ndi mapiri mu mchenga wa pa kanema

Amene tinakula ndi wailesi za kanema zakale zija, za mlongoti womangirira kunsungwi, tikukumbuka zomwe zinkachitika mphepo ikatembenuza mlongotiwo. Chithunzi chinkazimirira, pagalasi n'kungotsala timadontho toyera ndi takuda tili piringupiringu, popanda nkhope, mtengo kapena chilichonse choti diso n'kugwira. Akatswiri a zithunzi amatchula timadontho totere kuti phokoso. Ine m'nkhani ino ndiziti mchenga, chifukwa ndi mmene timaonekera.

Mchenga umenewu, womwe kale unkatanthauza kuti kanema wafa, lero ndi pomwe mapulogalamu ojambula zithunzi monga Stable Diffusion amayambira ntchito yawo. Munthu amalemba mawu ochepa, kompyuta n'kudzaza galasi ndi mchenga, ndipo pakatha masekondi angapo pamaoneka nyanja, mapiri ndi mitambo. Ntchito imodzi yomwe mapulogalamuwa amaichita bwino ndi kujambula malo a kumbuyo kwa chithunzi, monga nsalu zija ankapachika m'masitudiyo a zithunzi kuti munthu aoneke ngati waima m'munda wa maluwa. Opanga makatuni, masewero a pa kompyuta ndi mabuku a ana amafuna malo oterewa ambirimbiri.

Njira yake imatchedwa difyushoni, mawu omwe anabwerekedwa ku sayansi ya fizikisi. Amatanthauza kumwazikana, ngati dontho la inki likagwera m'kapu ya madzi: poyamba limaoneka pamalo amodzi, kenako limafalikira mpaka madzi onse akhale a mtundu umodzi. Mu 2015, Jascha Sohl-Dickstein ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford ku America anafunsa ngati kompyuta ingaphunzire kubweza kumwazikana kumeneku. Maganizo awo anakhala zaka zisanu osatchuka kwenikweni, kufikira mu 2020 pamene Jonathan Ho, Ajay Jain ndi Pieter Abbeel a ku Berkeley anaonetsa kuti njirayi ikhoza kutulutsa zithunzi zooneka bwino.

Kuphunzira mwa kuwononga

Kwa kompyuta, chithunzi ndi manambala basi. Chimagawidwa m'timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, ndipo pikiselo iliyonse ili ndi manambala atatu osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Pathambo lowala bwino, mapikiselo oyandikana amakhala ndi manambala ofanana ndithu, tiyerekeze 198, 200 ndi 201. Kuthira mchenga pachithunzi ndi kusokoneza manambala amenewa mwachisawawa: apa kuwonjezera, apo kuchotsa, popanda dongosolo. Manambala atatu aja akhoza kusanduka 226, 171 ndi 214. Thambo likadalipo, koma layamba kuchita timadontho.

Kuphunzitsa kumayenda motere. Amatenga chithunzi chenicheni, tinene cha phiri, n'kuthirapo mchenga wa mlingo womwe ausankha. A Ho ndi anzawo anagawa ulendo wochoka pachithunzi choyera kukafika pamchenga wokhawokha m'masitepe 1,000. Pasitepe ya 50 phiri limaoneka bwinobwino, lili ndi timadontho pang'ono. Pasitepe ya 500 limaoneka ngati uli kulipenya mvula yamphamvu ikugwa. Pofika ya 1,000 palibenso phiri. Chithunzi chowonongekacho amachipereka kwa pulogalamu, kuiuza sitepe yomwe chili, n'kuifunsa funso limodzi lokha: mchenga umene tathira apa ndi uti?

Poyamba pulogalamuyo imangoyankha zam'mutu. Koma aphunzitsi ake ali ndi yankho lenileni, popeza mchengawo anauthira ndi iwo. Amayerekeza mayankho awiriwo, n'kusintha pang'ono manambala a m'kati mwa pulogalamuyo kuti ulendo wotsatira isaphonye kwambiri. Amabwereza zimenezi kambirimbiri pazithunzi zosiyanasiyana. Gawo la Stable Diffusion yoyamba lomwe limagwira ntchitoyi lili ndi manambala osinthika pafupifupi 860 miliyoni, ndipo zithunzi zophunzirira zinatengedwa m'nkhokwe yotchedwa LAION-5B, momwe munali zithunzi za pa intaneti zoposa 5 biliyoni pamodzi ndi mawu ozifotokoza.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Palibe amene anauza pulogalamuyo kuti thambo limakhala pamwamba, kapena kuti madzi amaonetsa chithunzithunzi cha mtengo woima m'mphepete mwake. Koma kuti uzindikire mchenga, uyenera kudziwa mmene chithunzi chopanda mchenga chimaonekera. Mayi amene akusankha mpunga m'lichero amaona kamwala msanga chifukwa mpunga amaudziwa. Momwemonso, pofuna kupambana pa funso lake limodzi lija, pulogalamuyo inakakamizika kuphunzira kuti mapiri akutali amaoneka otuwa, kuti msewu umacheperachepera ukamapita kutali, ndiponso kuti udzu umamera pansi.

Tsono pojambula chithunzi chatsopano amangotembenuza ulendo. Amaipatsa mchenga wokhawokha, womwe sunachoke pachithunzi chilichonse, n'kuifunsa funso lomwe lija. Iyo imayankha monga inazolowerera: imalozera zomwe ikuganiza kuti ndi mchenga. Kompyuta imachotsako gawo pang'ono, n'kufunsanso. Ambiri amaganiza kuti chithunzicho chinabisala kale mumchengamo ndipo pulogalamu ikungochifukula, koma si choncho. Munalibe kanthu. Chithunzi chimabadwa chifukwa kulosera kulikonse kumatsamira pa kulosera kwa m'mbuyo, ndipo kagawo kamene kanangoda pang'ono mwangozi kamatengedwa ngati chiyambi cha phiri, kenako n'kukhaladi phiri.

Chifukwa chake zazikulu zimayamba

Amene amajambula malo a kumbuyo ayenera kumvetsa mfundo iyi kuposa ina iliyonse. Mukamathira mchenga pachithunzi, zinthu sizifa nthawi imodzi. Tsamba la udzu ndi lopyapyala, mwina mapikiselo awiri m'lifupi, choncho mchenga wochepa chabe umalifafaniza. Thambo lili ndi mapikiselo zikwizikwi. Mchenga ukawonjezera apa umachotsa apo, ndiye mukaphatikiza mapikiselo onsewo zosokonezazo zimafafanizana, thambo n'kukhalabe lowala kuposa nthaka. Motero udzu umafa msanga, mitengo pambuyo pake, ndipo chomaliza kuzimirira ndi kugawikana kwa kumwamba kowala ndi pansi pakuda.

Pobwerera, dongosolo limatembenuka. Chomwe chinafa pomaliza ndicho chimayamba kubadwa. M'masitepe oyambirira pulogalamu imasankha pamene thambo lithere, mbali yomwe kuwala kuchokere, ndi pomwe phiri likhale. Zing'onozing'ono zimabwera kumapeto. Zili ngati kumanga nyumba: maziko akakumbidwa, pulasitala ndi penti sizingasunthe chipinda. Ngati m'masitepe oyamba phiri lakhala kumanja, kuwonjezera masitepe ena 100 sikungalipititse kumanzere. Kumangolikometsa pomwe lili.

Pali chinthu chinanso chomwe chinathandiza kuti ntchitoyi itheke pa kompyuta ya munthu wamba. Chithunzi cha mapikiselo 512 m'litali ndi 512 m'lifupi chili ndi manambala 786,432, ndipo kuwerengera onsewo pasitepe iliyonse n'kolemetsa. Robin Rombach ndi anzake a ku yunivesite ya ku Munich, ku Germany, anakonza zoti chithunzi chiziyamba chapanikizidwa kukhala timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, kalikonse kokhala ndi manambala anayi. Onse pamodzi ndi 16,384, kuchepa ka 48. Kuthira ndi kuchotsa mchenga konse kumachitikira m'kachithunzi kopanikizidwaka, ndipo pamapeto pulogalamu ina imakafutukula kuti kakhale chithunzi chomwe timaona. Stable Diffusion, yomwe inatulutsidwa kwa anthu onse mu Ogasiti 2022, inamangidwa pa nzeru imeneyi.

Tijambule gombe limodzi

Tiyerekeze mayi wina wojambula buku la ana. Mwana wa m'nkhaniyo amujambula yekha ndi dzanja, koma akufuna malo omuimikapo: gombe la nyanja m'bandakucha, mapiri kutsidya, mabwato pamchenga. Akugwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5. Popeza pulogalamuyi inaphunzira makamaka pazithunzi zofotokozedwa m'Chingerezi, alemba m'Chingerezi:

```
lake shore at dawn, hills behind, dugout canoes on the sand
```

Mawuwa sapita kwa wochotsa mchenga mwachindunji. Amadutsa kaye m'pulogalamu ina yotchedwa CLIP, yomwe inapangidwa ndi kampani ya OpenAI, ndipo imawasandutsa manambala. CLIP imalandira tizidutswa ta mawu tosapitirira 77, choncho kulemba ndime yaitali sikuthandiza kwenikweni pa pulogalamu imeneyi. Manambalawo amaperekedwa pasitepe iliyonse ngati chikumbutso: pochotsa mchenga, kumbukira kuti pansi pake payenera kukhala nyanja.

Pagalasi pali timabokosi titatu toti mayiyo adzaze. Pa `steps` alemba 30. Ngakhale pophunzira panali masitepe 1,000, akatswiri anapeza njira zodumphira, moti masitepe apakati pa 20 ndi 50 amakwanira. Pa `seed` alemba 42. Nambala imeneyi ndi mbewu ya mchenga: kompyuta imaigwiritsa ntchito popanga mchenga woyambira, ndipo mbewu imodzi imatulutsa mchenga womwewo nthawi zonse. Pa `guidance scale` asiya 7.5, yomwe mapulogalamu ambiri amaikiratu.

Akadina batani, ndipo ngati wayatsa zoti aziona sitepe iliyonse, aona zinthu zonga izi. Pasitepe yoyamba kulosera kwa pulogalamu kumangokhala chifunga, mwina kumwamba kofiirira ndi pansi potuwa. Pofika yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi pamakhala pataoneka mzere wolekanitsa madzi ndi thambo, chigamba chakuda chomwe chikhale phiri, ndi timikwingwirima tiwiri kapena titatu m'munsi. Timikwingwirimato sitinakhale mabwato, koma malo ake atengedwa kale. Chapakati pa ulendo timayamba kusongoka kutsogolo, phiri limapeza zigwa, ndipo kuwala kwa dzuwa kumagona pamadzi. Masitepe khumi omaliza sasintha kanthu kakakulu. Amaika timafunde, mizere ya mtengo pabwato, ndi mapazi a anthu pamchenga.

Mayiyo akaona kuti mabwato akhala pakati penipeni, pomwe amafuna kuimika mwana, asataye nthawi kuwonjezera masitepe. Asinthe mbewu, alembe 43. Mawu ndi omwewo, koma mchenga woyambira ndi wina, ndiye phiri likhoza kusamukira kumanzere ndipo mabwato kupita m'mphepete. Anthu odziwa ntchitoyi amayesa mbewu zambiri ndi masitepe ochepa, popeza maziko amaoneka msanga, kenako amasankha mbewu yowakomera n'kuipatsa masitepe okwanira. Ayeneranso kulemba mbewuyo penapake. Mbewu, mawu ndi makonzedwe zikakhala zomwezo pa kompyuta yomweyo, chithunzi chimabwereranso. Mbewu ikatayika, gombe limenelo salipezanso.

Nanga 7.5 uja ndi wa chiyani? Pasitepe iliyonse pulogalamu imalosera kawiri, kamodzi itamva mawu a mayiyo, kenanso ngati sinauzidwe kanthu. Kusiyana kwa maulosi awiriwa ndiko mphamvu ya mawuwo, ndipo kompyuta imakuchulukitsa ndi nambala ija. Ikakhala yaing'ono, monga 2, chithunzi chimatuluka chofewa koma chosamvera, mwina mabwato osaonekamo n'komwe. Ikakwera kufika cha m'ma 20, mitundu imapsa: thambo limafiira mopitirira, m'mphepete mwa zinthu mumathwa mosakhala bwino, ndipo gombe limaoneka ngati lapulasitiki. Chithunzi chikaoneka chopserera chotero, malo oyamba kuyang'ana ndi nambala imeneyi.

Pomwe imaphonya

Buku la mayiyu lili ndi masamba aakulu m'lifupi, choncho akufuna gombe lotambalala. Akangolemba 1,536 m'lifupi m'malo mwa 512, akhoza kudabwa kuona madzuwa awiri, kapena phiri lomwelo litabwerezedwa katatu. Chifukwa chake n'chakuti Stable Diffusion 1.5 inaphunzira pazithunzi za 512, ndipo pansalu yaikulu mbali iliyonse imayamba kumanga gombe lakelake. Mankhwala ake ndi kujambula kaye chaching'ono, kenako kuchikulitsa kapena kuchiwonjezera m'mbali pang'onopang'ono. Mapulogalamu atsopano anaphunzira pazithunzi zazikulupo ndi za maonekedwe osiyanasiyana, choncho vutoli linachepa.

Vuto lozama ndi lina. Pulogalamuyi ilibe gombe m'mutu mwake, loti ingalizungulire n'kuliona mbali ina. Imadziwa mmene zithunzi za magombe zimaonekera, ndipo zimenezi ndi zosiyana. Kachigawo kalikonse kakhoza kuoneka koona pakokha koma zigawozo osagwirizana. Poyesa chithunzi, yambani ndi mithunzi. Dzuwa likakhala kumanja, mithunzi yonse iyenera kugwera kumanzere, koma mupeza bwato limodzi mthunzi wake ukuloza kwina. Kenako onani mzere wa madzi kumbuyo kwa mtengo kapena bwato: nthawi zina umalowa uli pamwamba n'kutulukira mbali ina uli m'munsi. Onaninso chithunzithunzi cha m'madzi ngati chikufanana ndi phiri lomwe lili pamwamba pake. Pazithunzi za m'tauni, tsatirani mizere ya madenga ndi mawindo. Pachithunzi chenicheni, mizere yoyenda mofanana imakakumana pamalo amodzi kutali, pomwe pachithunzi cha makina kawirikawiri imasemphana. Masitepe okwerera amathera pakhoma, mawaya a magetsi amaduka m'malere, ndipo zikwangwani zimakhala ndi zilembo zosawerengeka.

Zing'onozing'ono zakutali nazo zimavuta, chifukwa cha kupanikiza kuja. Kabokosi kamodzi ka m'kachithunzi kopanikizidwa kamaimira mapikiselo asanu ndi atatu m'litali ndi asanu ndi atatu m'lifupi. Msodzi woima kutali, yemwe mutu wake ndi waung'ono ngati kabokosi kamodzi, sangakhale ndi nkhope yolongosoka. N'chifukwa chake anthu a kumbuyo kwa zithunzi zoterezi amaoneka ngati asungunuka. Chifunga, mitambo, madzi ndi nkhalango zimatuluka bwino chifukwa palibe amene angatsutse kuti mtambo wapindika molakwika. Nyumba, milatho ndi njinga zili ndi malamulo omwe diso limawadziwa.

Palinso vuto lomwe limandikhudza kwambiri ine. Pulogalamu imadziwa zomwe inaona kawirikawiri, ndipo intaneti ili ndi zithunzi zochuluka za mayiko ena kuposa za kuno. Mayi uja akapempha bwato logoba pamtengo umodzi, monga omwe asodzi amapalasa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, akhoza kulandira bwato la matabwa la dziko lina, kapena lapulasitiki la alendo okaona malo. Akalemba dzina la phiri la Mulanje, pamatha kutuluka phiri lokongola ndithu koma losakhala Mulanje, lopanda thanthwe la Chambe lomwe aliyense wa kumeneko amalidziwa. Munthu wakunja sangaone cholakwika. Mwana wa kugombe amene buku lalembedwera adzachiona nthawi yomweyo, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kumupatsa kwawo kobwereka.

Ena amafunsa ngati pulogalamuyi simangodula zithunzi za anthu n'kuzilumikiza. Nthawi zambiri ayi. Fayilo yake yonse ndi ya magigabayiti ochepa chabe, moti zithunzi mamiliyoni ambirimbiri sizingakwanemo. Chomwe chimatsala ndi chizolowezi cha maonekedwe. Komabe mu 2023 ofufuza anaonetsa kuti zithunzi zina zomwe zinabwerezedwa kambiri m'nkhokwe yophunzirira zikhoza kutulukanso pafupifupi mmene zinalili. Chaka chomwecho kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images inasumira kampani ya Stability AI pa nkhani yogwiritsa ntchito zithunzi zake pophunzitsa popanda chilolezo. Ojambula ambiri omwe ntchito zawo zinalowa m'nkhokwezi sanafunsidwe, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka.

Kugwira chiwongolero

Popeza maziko amaikidwa m'masitepe oyamba, njira yabwino yowongolera chithunzi ndi kuika mazikowo nokha. Mayi uja akhoza kupaka mitundu mwachisawawa papepala kapena pa kompyuta: buluu pakati, chigamba chotuwa cha phiri kumanzere, malo opanda kanthu pomwe mwana aimepo. Chojambula chimenechi amachipereka kudzera pa `img2img`. Kompyuta imachithira mchenga, koma osati mpaka kufafaniziratu, n'kuyambira pamenepo ulendo wobwerera. Kuchuluka kwa mchengawo amakusankha pa `denoising strength`, kuyambira 0 mpaka 1. Pa 0.3 chojambula chake chimangosalazidwa. Pa 0.9 chimatayika pafupifupi chonse. Chapakati, monga 0.6, phiri limakhala pomwe analiika koma limapeza miyala ndi mitengo. Izi zikugwirizana ndi zomwe taona kale, kuti mchenga wapakati umapha zazing'ono n'kusiya zazikulu.

Bwato lolakwika lija silifuna kuti chithunzi chonse chitayidwe. Ndi `inpaint`, amapaka pabwatopo pokha, kompyuta n'kuthira mchenga pamalo amenewo n'kumanganso ikuyang'ana zozungulira kuti kuwala kugwirizane. Ndipo kuyambira mu 2023 pali ControlNet, yomwe Lvmin Zhang ndi anzake a ku Stanford anapanga, yomwe imalola munthu kupereka mizere ya pensulo kapena ya chithunzi chomwe anajambula yekha ndi foni, kuti pulogalamu iitsatire pasitepe iliyonse. Mayiyo akapita kugombe n'kujambula bwato lenileni, mawonekedwe ake amasungika, makina n'kungothandiza pa mitundu ndi kuwala.

Inu amene mukufuna kuyesa, sankhani malo omwe mumawadziwa bwino, kaya ndi msika wa kwanu kapena dambo lomwe munkadyetsako ng'ombe. Gwirani mbewu imodzi, jambulani ndi masitepe 5, kenako 15, kenako 30, muike zithunzi zitatuzo pamodzi ndi kuona zomwe zasintha ndi zomwe zakhala pomwepo. Mukatero tsatirani mithunzi ndi chala, umodziumodzi, musanapereke chithunzicho kwa wosindikiza.